Thandizeni: ndichonge bwanji pepala la mafulakishoni osawaliritsa ana?

Membala wobisa dzina: Anzanga mundibise dzina chonde, amene ndimagwira nawo ntchito ali momwe muno. Uphunzitsi ndangouyamba kumene. Kalasi ndinailandira pakati pa teremu, mwini wake atasamutsidwa, osandisiyira ngakhale kope la malikisi. Ana ndinawapatsa pepala la mafulakishoni la mafunso 10, lomwe ndinajambula ndekha usiku chifukwa kiyi wa kumakina osindikizira amasunga munthu mmodzi, ndipo munthuyo ukamufuna sapezeka. Ambiri alakwa. Tsono kholo lina linabwera kudzakalipa kuti mwana wake analira ataona kope lake lathethedwa ponseponse, ahedi n'kungondiuza kuti ndizilemba mawu ofatsa, koma mawu akewo sanandiuze. Mnzanga wa kalasi yoyandikana nayenso amangondiseka. Mapepala ali pano, bolopeni ili m'manja, sindikudziwa cholemba.

Bambo wa ana anayi: Madamu, chethani basi. Cholakwa ndi cholakwa. Ife tinakula ndi mitanda yofiira tsamba lonse ndipo sitinafe. Mukawanyengerera lero, pa mayeso adzawanyengerera ndani?

Mayi wina wa mapasa: Pepani asisi. Wanga wina anasiyiratu kundionetsa kope la masamu, ankalibisa pansi pa matiresi. Aphunzitsi ake ankalemba kuti "ulesi" pamene mwana wakhala nalo mpaka usiku. Mpaka lero ndikakumana nawo mtima umandiwawa.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Mwanawe, watiuza za kiyi ndi za ahedi, koma sunatiuze zinthu ziwiri. Anawo alemba mayankho otani, ndipo ndi a msinkhu wanji, amatha kuwerenga chiganizo okha? Mawu ofatsa sachokera m'mutu mwa mphunzitsi, amachokera pa yankho lolakwalo. Usanalembe kanthu, yala mapepala onse, uyang'ane funso limodzi pa mapepala onsewo. Upeza kuti ana ambiri alemba yankho lolakwa lofanana. Pamenepo sakulota, pali njira imene akuganizira.

Mnyamata wa nthabwala: Ingolembani "Mulungu akuona khama lako" pa pepala lililonse mukagone madamu.

Mlangizi wa makolo: Nkhani ndi mtundu wa bolopeni. Siyani yofiira, gwiritsani ntchito yobiriwira, ndipo musathethe paliponse. Pomwe walakwa ingolembani "wayesetsa". Mwana akamva kuyamikiridwa amadzikonza yekha.

Bambo wa ana anayi: Mwaona? "Wayesetsa" pa yankho labodza! Mwana apita kunyumba akudziwa kuti wakhoza. Ndiye inu mukuti ndinu alangizi?

Mlangizi wa makolo: Bambo, si aliyense anapirira ngati inu. Ena anathawa masamu chifukwa cha mitanda yanu yomweyo.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Pa "wayesetsa" pokha abambowa akunena zoona. Liwu limenelo silimuuza mwana choti achite, ndipo ana amadziwa msanga kuti ndi liwu la olephera. Kusathetha ndikugwirizana nako. Ine ndinkaika kadontho pambali pa yankho lofunika kubwerezedwa, mwana akakonza kadonthoko ndimakasandutsa chongi. Koma ana ndinali nditawauza poyera kuti kadontho katanthauza kuti yankho silinakhale bwino.

Wophunzira za uinjiniya: Zosavuta izi. Auzeni apeze nambala yaing'ono yomwe manambala apansi onse amalowamo, kenako achulukitse mopingasa. Ndingakutumizireni njira yake.

Mayi wina wa mapasa: Achimwene, mwawerenga funso koma? Akunena tiana, osati anzanu a ku koleji.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Amayi opuma ntchito, ndayala monga munanenera. Funso 3 ndi bokosi lodulidwa magawo 4, limodzi lopakidwa, ambiri alemba 1/3. Funso 6 ndinafunsa chachikulu pakati pa 1/2 ndi 1/4, asankha 1/4. Funso 9 ndi 1/4 + 2/4, alemba 3/8. Komanso ahedi angodutsa pano osandiyankha moni.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Eya, apa ndiye tayamba kukambirana. Tenga funso 3. Mwana wolemba 1/3 wawerenga bwinobwino: gawo limodzi lopakidwa, atatu osapakidwa. Chomwe sanagwire n'choti nambala yapansi imawerenga magawo onse, lopakidwalo lili momwemo. Ndiye chonga 1 wapamwambayo, uzungulize 3 yekhayo, ulembe kuti: "Gawo lopakidwa walipeza. Tsopano werenga magawo onse a bokosi, ndi lopakidwa lomwe. Alipo angati?" Usamulembere 1/4, umusiyire malo alembe yekha. Ukamulembera angokopera, mawa abwereza zomwezo.

Funso 6 mwana akugwiritsa ntchito zomwe tinamuphunzitsa tokha, kuti 4 ndi wamkulu kuposa 2. Apa mawu ambiri sathandiza. Jambula timizere tiwiri totalika mofanana, kena pansi pa kanzake, kena ukadule pawiri, kena panayi, ulembe kuti: "Paka gawo limodzi pa kalikonse. Lalikulu ndi liti?" Timizereto tikhaledi tofanana, apo ayi chithunzicho chimunamiza.

Bambo wa ana anayi: Ndiye mapepala onsewo azijambula timizere? Agona nthawi yanji? Mtanda umatenga sekondi imodzi. Aphunzitsi a masiku ano mukudzizunza nokha.

Mphunzitsi wa sitandade yapakati: Apa bambowa ali ndi mfundo ngakhale akukuwa. Ngati theka la kalasi lalakwa mofanana, musalembe chiganizo chomwecho kambirimbiri. Ikani kadontho ndi mawu oti "tichitira limodzi mawa", m'mawa aliyense apinde pepala pawiri, kenako panayi, aone yekha magawo akuchepa. Ndemanga yolemba isungireni mwana amene walakwa mwa yekha. Ndipo pepala limodzi ndemanga imodzi kapena ziwiri, osati pa funso lililonse.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Ndi zoona. Funso 9 ndi la pabolodi limenelo. Aphatikiza zapamwamba, 1 ndi 2, n'kuphatikizanso zapansi, 4 ndi 4. Ukafuna kulemba, lemba kuti: "Pamwamba waphatikiza bwino. Makota atatu tiwalemba bwanji?" Kwa mwana wochangamuka ungamuonetsenso kuti 2/4 ndi theka kale, pamene 3/8 safika theka, ndiye zatheka bwanji kuti tawonjezera koma zachepa. Mawu oti "wosasamala" kapena "zophweka izi" asapezeke, chifukwa mwanayo anasamala, njira yake ndiyo yamusocheretsa.

China, poti zithunzi unajambula pamanja, uziyang'anenso. Bwalo likadulidwa patatu ndi mizere iwiri yoima yotalikirana mofanana, gawo lapakati limakula kuposa a m'mbali. Mwana wokana kuti limenelo ndi 1/3 wakhoza.

Mlangizi wa makolo: Koma malikisi musalembe pamwamba. Mwana akaona 3/10 ndemanga zanu zonsezo saziwerenganso.

Bambo wa ana anayi: Osalemba malikisi?! Ine kholo ndidziwa bwanji kuti mwana wanga ali pati? Ndiziwerenga timadontho?

Mphunzitsi wa sitandade yapakati: Ine ndimalemba m'kope langa, pa pepala ndimaika akamaliza kukonza. Koma pa funso 3 theka la malikisi sindingapereke, 1/3 si 1/4.

Mphunzitsi wopuma ntchito: Ine ndinkapereka, pa ntchito ya m'kalasi osati pa mayeso. Tisiyane pamenepo. Koma mwanawe, sunandiyankhebe: anawo amawerenga okha? Ngati sawerenga, zonse ndalembazi uzinene pakamwa, desiki ndi desiki, pa pepala pakhale chongi, kadontho ndi chithunzi basi.

Membala wobisa dzina: Nanga amene alemba 2/4 pomwe ine ndimafuna 1/2 ndiwathethe? Pepani ndachedwa kuyankha, mnzanga uja anabwereka bolopeni yanga yobiriwira ndipo sanabweze.

Bambo wa ana anayi: Yofiira muli nayo madamu.