Ndiwerenge bwanji manambala kuti ndisaphonye?

Moni nonse abale. Ndimalemba makalata a gulu lathu la alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota. Sabata yatha ndinatumizira wogula kalata ya mtengo, ndinalemba K45,000 m'malo mwa K450,000. Manyazi ake!

Chodabwitsa n'chakuti ndinaiwerenga mokweza kawiri konse. Mayina ndi tsiku ndinafananiza ndi zam'kaundula, risiti ndinaitsegula kuona ngati ndi yomweyo. Koma pofika pa ndalama, pakamwa panatchula zimene mutu umadziwa kale, maso osaona kuti ziro mmodzi wasowa. Mnzanga atandiwerengera, nayenso anangodutsapo.

Tsono inu mumatani? Mumatchula nambala imodziimodzi mukuloza ndi chala, kapena ndizilembanso ndalamazo m'mawu pambali pake? Ndithandizeni chonde, Lachisanu nditumizanso ina.