Za tikiti ya basi ya Blantyre kupita Dar es Salaam

"Ndazindikira tsopano kuti 18:00 ndi 6 koloko madzulo. Koma kalaliki wa ku Dar akuti basi yanga yobwerera inyamuka saa 12 asubuhi, pomwe tikiti yalembedwa 06:00. Ndimvere iti?"

Zonsezo ndi nthawi imodzi: "saa 12 asubuhi" ndi Chiswahili, kutanthauza ola la 12 m'mawa. Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, choncho 07:00 kwa iwo ndi ola loyamba. Mukamva ola la Chiswahili, onjezerani kapena chotsani 6: 12 kuchotsa 6 ndi 6 koloko m'mawa, monga tikiti ikunenera. Wodikira 12:00 masana apeza basi ili kale kutali. Ine ndingakhulupirire tikiti kuposa mawu a pafoni.

Msampha wina ndi wotchi yanu. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, ndipo kawirikawiri ndandanda imalemba nthawi ya komweko. Ngati wotchi ikadali pa nthawi ya ku Blantyre, 06:00 ya ku Dar ikukwana yanu ikuwonetsa 05:00. Popita, ikankhireni patsogolo mukangowoloka Songwe. Foni imadzisintha yokha, koma pafupi ndi malire imatha kugwira netiweki ya mbali inayo, ndiye funsani munthu.

Powerengera ulendo, tiyerekeze kuti mwanyamuka ku Dar 06:00 ndipo ndandanda ikuti mufika ku Blantyre 14:00 mawa lake. Pa pepala ndi maola 32, koma mukhala panjira maola 33, chifukwa 14:00 ya kuno ndi 15:00 ya ku Dar.