Pilu ya asidi kapena tisingano: ndiyambe ndi iti pa nkhope ya timaenje?

Nachisale: Anzanga ndithandizeni nzeru. Ziphuphu zinandisiyira timaenje m'masaya ndi madontho akuda, ndipo pachipumi pamamveka ngati pali mchenga ndikasisita. Zina zimatulukabe, ziwiri zitatu, ndikayandikira kumwezi. Ku saluni akuti ndisankhe pilu ya asidi, ija yopaka kuti khungu lapamwamba lifunduke, kapena maikulonidulingi, ija yobayabaya ndi tisingano. Ndikufuna nkhope isalale masabata 3 akubwerawa asanathe, ndili ndi ukwati wa mng'ono wanga. Yothandiza msanga ndi iti?

Mayi a Tadala: Pilu asisi, musachedwe. Imachotsa khungu lonse lakale n'kubwera latsopano ngati la mwana. Ine pachipumi panasalala sabata yomweyo.

Anambewe: Ndimagwira ntchito imeneyi. Mayi a Tadala, za pachipumizo mukunena zoona, koma "khungu lonse" ayi. Pilu ya ku saluni, kaya ndi ya asidi wa gilaikoliki kapena salisiliki ya 20 mpaka 30 peresenti, imangosupula pamwamba penipeni. Mchenga uja umachoka, madontho amazilala pang'onopang'ono, nthawi zambiri akaibwereza ka 4 mpaka ka 6, motalikirana masabata 2 mpaka 4. Koma dzenje la chipsera lili m'kati, pomwe kolajeni, ulusi wolimbitsa khungu, anawonongeka, ndipo asidi wofatsa chotere safikako.

Tisingano ndi timene timafika m'katimo. Timapanga tizilonda ting'onoting'ono, thupi pochiza limaika kolajeni watsopano, dzenje limakwera pang'ono. Pa zipsera pamafunika kuzama kwa mamilimita 1.5 kapena kuposa apo, ndiye magazi amaoneka, ndipo imeneyo ine ndimati ichitikire kwa dokotala wa khungu. Ya mamilimita 0.25 kapena 0.5 sizama mokwanira kuti ithandize timaenje. Yozama ija imabwerezedwa pakatha masabata 4 mpaka 6, katatu kapena kuposa, ndipo kusintha kumaoneka pa miyezi. Timaenje sititheratu, timangochepa kuzama.

Achemwali, imani pagalasi, kuwala kuchokere m'mbali, mukoke tsaya ndi zala ziwiri. Timaenje tomwe tikuphwa mukakoka ndi timene tisingano tingathandize. Tomwe tili topapatiza ngati pobayidwa ndi msomali, tosasintha ngakhale mukoke, sitimva njira ziwiri zonsezi, timafuna njira zina za dokotala.

Nachisale: Ndayesa. Tambiri tikuphwa, tina tiwiri pafupi ndi khutu ayi. Ndiye ndipite ku tisingano?

Anambewe: Osati pano. Singano ikadutsa pa chiphuphu cha mafinya imamwaza tizilombo nkhope yonse. Yambani ndi salisiliki, chifukwa imalowa m'mafuta otseka timabowo ta khungu. Ziphuphu zikaleka, tisingano tidzabwera pambuyo. Za ukwatizo, pilu yofatsa imodzi sabata ino, atayamba ayesa kaye kuseri kwa khutu, kenako musakhudzenso nkhope. Pachipumi padzasalala, masaya adzakhala mmene alilimu.

Chikondi: Bwanji osangodzola mafuta oyeretsa aja? Madontho amatha mwezi umodzi.

Nachisale: Sindikufuna kuyera asisi, ndikufuna kusalala.

Anambewe: Komanso amene akudzola amenewo aziulula asanagone pa bedi la saluni. Mafuta ambiri otere amakhala ndi mankhwala a siteloidi omwe amapepukitsa khungu, asidi akafikapo amalowa mopitirira n'kuwotcha. Chimodzimodzi amene akumwa kapena wangosiya kumene mapilisi a ziphuphu a isotiretinoini, amene zipsera zake zimafufuma, woyembekezera, ndi amene amatuluka matuza pamlomo.

Mphatso: Ine pilu inandipsereza. Anandipaka, ndinamva kuyaka, ndikudandaula akungoti pirirani, ikugwira ntchito. Pamasaya panayera ngati phulusa, mawa lake nkhanambo. Ndinazimatula ndi zikhadabo, ndipo mpaka pano pali zigamba zakuda kuposa madontho amene ndinkathawa aja.

Anambewe: Pepani mayi. Kuyera kwa phulusa pa gilaikoliki ndiye kuti asidi wazama, amayenera kumuthetsa mphamvu nthawi yomweyo. Khungu lakuda likapsa limayankha ndi kuda, n'chifukwa chake ma pilu amphamvu monga a asidi wotchedwa TCA si a pa saluni. Kuyabwa ndi kutentha pang'ono n'kwachibadwa, koma kuyaka kosapiririka, matuza kapena mafinya ayi.

Mukachoka ku saluni: sopo wofatsa, mafuta osanunkhira, ndi oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa tsiku lililonse. Mafuta a retino ndi zokhulira nkhope muzisiye pafupifupi sabata musanapite komanso mutabwerako. Khungu likamafunduka tsiku lachitatu, lisiyeni ligwe lokha. Pa tisingano, osadzola zophodaphoda kwa maola 24, ndipo kamutu ka singano akatsegule m'pepala mukuona, chifukwa kamakhudza magazi.

Mayi a Tadala: Koma ine sindinadzolepo za dzuwazo, ndipo palibe chinandichitikira.

Mphatso: Munali ndi mwayi. Anambewe, nanga zigamba zangazi tisingano tingazichotse, kapena ndidikire kaye?