Makutu akulira ndikaweruka, kodi ndi ine ndekha?

Wa ku Yeoville: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndatha chaka ndi miyezi ndili pa njinga yamoto muno mu Joni, tsiku lonse pamsewu, kawirikawiri ndimadutsa haiwe ya M1 kupita ku Sandton. Usiku ndikagona khutu lakumanja limalira ngati muli nyenje. Poyamba kukamacha zimakhala zitasiya, koma sabata ino likulirabe mpaka m'mawa. Dzulo mayi a kunyumba anandiitana katatu kuchokera kukhitchini, ine osamva. Ndayamba kuda nkhawa.

Wa ku Turffontein: Ndi mateksi amenewo achimwene. Hutala za pa Louis Botha ndi ku Bree zingagonthetse munthu. Ine ndimangotseka ndi thonje basi.

Madala a ku Randburg: Hutala zimasokosa, zoona, koma zimalira n'kusiya. Chimene chikukuwonongani ndi mphepo. Mukamayenda pang'onopang'ono m'tauni mumamva injini ndi magalimoto, koma mukangokwera haiwe mphepo imaposa zonsezo. Pa makilomita 100 pa ola, phokoso la mkati mwa helemeti limafika madesibelo 95 kapena kupitirira, madesibelo ndiwo muyeso wa kukula kwa phokoso. Malire amene amatsatira m'mafakitale muno mu South Africa ndi madesibelo 85 kwa maola 8. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi lokha. Ndiye werengani nokha, ngati pa M1 mumathera ola ndi theka pa tsiku, mwadutsa kale malire musanawonjezere za m'tauni.

Za thonje iwalani achimwene a ku Turffontein. Limangodzaza khutu koma phokoso limadutsa. Gulani timasiponji totsekera m'makutu, tachikasu kapena taolenji tija amavala a m'makontilaki. Timapezeka ku hadiweya ndi ku famase, sitidula.

Wa ku Yeoville: Timeneto ndinayesapo madala. Timangotuluka ndikamavala helemeti, ndipo sindinamve kusiyana kulikonse.

Madala a ku Randburg: Ndiye kuti munangotikanikiza pakhomo pa khutu. Chitani chonchi. Ndi zala zoyera, pirikitani kasiponjiko mpaka kaonde ngati kamtengo, kopanda makwinya. Dzanja linalo lidutse pamwamba pa mutu, mugwire nsonga ya khutu n'kulikokera m'mwamba kuti njira ya mkati iwongoke. Lowetsani msanga kasanafufume, kenako mukagwirizize ndi chala n'kuwerenga mpaka 30. Mudzamva phokoso likuzilala pang'onopang'ono kakamafufuma. Mukadziyang'ana pagalasi la njinga molunjika, kasamaoneke kotulukira kunja. Mukalankhula, mawu anu amveke ngati muli mumgolo. Kakada kapena kakasiya kufufuma, tayani.

Wa ku Mayfair: Komatu ine ndimaopa. Munthu watseka makutu, teksi ikukulowerera mbali, uimva bwanji? Nanga ambulansi? Ine moyo wanga ndi makutu pamsewu uwu.

Madala a ku Randburg: Sititseka zonse, timangochepetsa. Pa haiwe ine hutala ndi sayirini ndimazimva bwino nditavala kusiyana ndi pamene mphepo ikundiombera m'makutu. Koma m'tauni, pa maloboti, mukulankhula ndi kasitomala, ndikuvomereza kuti siponji imatseka mopitirira. Pali tina tarabala tokhala ndi kasefa pakati, timachepetsa pang'ono ndipo mawu a munthu amamveka. Timakwererapo mtengo koma timatsukika.

Wa ku Mayfair: Sindinakhutirebe. Ndiyesa kaye pa N1 Lamlungu kulibe magalimoto ambiri.

Wa ku Rosettenville: Ine vuto lomwelo ndinalithetsa ndi maeyafoni. Ndimamvera nyimbo ndi mapu, mphepo sindiimvanso.

Madala a ku Randburg: Mwana wanga, mphepoyo sinachoke, mwangokweza nyimbo kuti iipose. Khutu likulandira zonse ziwiri. Zimenezo ndiye siyani lero lomwe.

Wa ku Turffontein: Chimodzi chimene ndinaona ine, mwezi wa Juni kukuzizira ndinkakulunga sikafu m'khosi mpaka pachibwano, ndipo phokoso linachepa. Kutentha kutabwera ndinavula, linabwereranso.

Madala a ku Randburg: Apo mwalasa. Mphepo yambiri imalowera pansi, pampata wa pakati pa khosi ndi helemeti. Helemeti yokhwepa, ija masiponji a m'masaya anaphwa, imasokosa kwambiri, chimodzimodzi galasi lakutsogolo likakhala lotsegula kapena losatseka bwino. Koma sikafu yokha sikwanira pa haiwe, ndipo nsonga zake muzilowetse mujekete zisalendewere.

A ku Yeoville, inu nkhani yanu yapitirira pa siponji. Kulira kosasiya mpaka m'mawa, makamaka khutu limodzi, pitani kukiliniki akakuoneni ngati si phula latseka, ndipo mupemphe kalata yokapimitsa makutu kuchipatala. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso, siponji ingoteteza totsalato. Ndipo khutu likangogontha mwadzidzidzi, musadikire tsiku lopuma, pitani tsiku lomwelo.

Wa ku Yeoville: Zikomo madala. Lolemba ndilawirira kukiliniki. Timasiponji ndagula panopa, kamanzere kalowa bwino koma kakumanja kakukanabe. Mwina khutu langali ndi laling'ono, kodi timakhalapo ta saizi yocheperapo?