Nyimbo ya pansi ikumiza mawu anga, Auto Duck ndiichune bwanji?

Mwini funso: Abale a m'gulu muno ndithandizeni makamaka inu ojambula mawu. Ndimakonza timauthenga ta ulimi ta mphindi zitatu tomwe timatumiza pa WhatsApp kwa alimi a makalabu, ndimawerenga ndekha kenako ndimaika kanyimbo pansi mu Audacity. Ndagwiritsa ntchito Auto Duck osasintha nambala iliyonse koma nyimbo ikumangoti kukwera kutsika kukwera kutsika, ndikangopuma pang'ono pakati pa ziganizo yabwera mwamphamvu, ndikayamba kuyankhula liwu loyamba lamira. Pa mahedifoni zikumveka bwinoko ndithu koma mayi wina wa kalabu wandiuza kuti pa kafoni kake sanamve ngati ndinati feteleza wothira pobzala kapena wobereketsa, ndiye izi zandikhudza kwambiri chifukwa munthu atha kuwononga munda. Ndichune pati?

Wa ma jingo ku Area 25: Kwezani mawu anuwo basi achimwene, pitani pa Amplify muwonjezere 10, nyimbo sidzalimbanso.

Mkulu wa situdiyo: A ma jingo akhudza penipeni koma musangowonjezera nambala mwachisawawa, mawu akagunda 0 dB amang'ambika ndipo pa sipika ya foni zimanyansa kuposa poyamba. Achimwene tandiuzani kaye, mukamaseweretsa mawu okha mita ikufika pati, ndipo nyimbo yake ndi yotani, muli oimba kapena zida zokha?

Mwini funso: Mita ikumafika cha pa -18 ndikakweza mawu, malo ena imatsika kwambiri. Nyimbo ndi ya kiyibodi ndi gitala, mulibe woimba.

Mkulu wa situdiyo: Ndiye vuto layambira pamenepo. Auto Duck imamvetsera thiraki ya mawu anu ndipo imatsitsa nyimbo pokhapokha mawuwo akadutsa Threshold, yomwe imabwera ili pa -30 dB. Inu ngati pokuwa penipeni mukufika -18, ndiye kuti poyambira chiganizo, paja ambirife timayamba motsitsa, muli pansi pa -30, makinawo akuona ngati simunayambe kuyankhula, akamadzadzidzimuka liwu loyamba lapita kale. Ndiye musanakhudze nyimbo sankhani thiraki ya mawu yokha mupange Normalize ifike -3 dB, ngati malo ena akadali otsika kwambiri dutsitsani Compressor pang'ono kuti mawu afanane.

Chachiwiri nyimbo zomalizidwa kale ku situdiyo zimakhala zokwera mpaka kudenga. Duck amount ya -12 dB pa nyimbo yotere ndi yochepa, imatsikadi koma imatsalabe pafupi ndi mawu. Ine ndimayamba kutsitsa nyimbo yonse ndi Amplify -8 kuti ngakhale pomwe ili yokha isagonthetse munthu, kenako ndi pamene ndimaika Auto Duck. Cholinga nchakuti pomwe mukuyankhula nyimbo ikhale pansi pa mawu ndi 18 kapena 20 dB. Pa uthenga wa feteleza ngati wanuwo ine ndingasankhe 20, anthu akufuna malangizo osati dansi.

Za kukwera kutsikazo ndi Maximum pause. Ili pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti mukangokhala chete kupitirira sekondi nyimbo ikubwerera, chonsecho munthu wowerenga mofatsa kuti alimi amve amapuma kuposa pamenepo pa fulusitopu iliyonse. Yesani izi:

```
Duck amount: -14 dB
Maximum pause: 2.5
Outer fade down length: 0.5
Outer fade up length: 1.5
Threshold: -30 dB
```

Outer fade down imayamba kutsitsa nyimbo inu musanatsegule pakamwa ndiye musaichepetse, ndi imene imapulumutsa liwu loyamba. Outer fade up ndaitalikitsa dala kuti nyimbo izibwerera pang'onopang'ono osati kulumpha. Ma Inner fade asiyeni pa 0. Musaiwale nyimbo ikhale pamwamba, mawu pansi pake penipeni, ndipo musankhe nyimbo yokha.

Mayi wa kwaya: Ine ndikufunanso zomwezo, ndili ndi nyimbo ya kwaya yathu ndikufuna kuchotsa mawu a oimba kutsale zida zokha tiziimbira ku ukwati, ndi Auto Duck yomweyi?

Wa ma jingo ku Area 25: Ayi mayi zimenezo ndi zina, iyi siichotsa oimba imangotsitsa voliyumu ya nyimbo yonse. Ikani funso lanu palokha anthu akuthandizani.

Mnyamata wa mavidiyo a maukwati: Ine Auto Duck ndinaisiya kalekale, ndimatsitsa ndi dzanja pa Envelope Tool. Mphindi zitatu zokha si ntchito, mumaika timadontho pomwe mukufuna ndipo khutu lanu ndi lomwe likulamula osati makina. Komanso Auto Duck ikagwira yagwira, imasinthiratu nyimboyo, mawa abwana akati chotsani chiganizo ichi mabowo onse asokonekera muyambirenso.

Mkulu wa situdiyo: Za kusinthiratuzo akunena zoona, nchifukwa chake muzipanga Duplicate ya nyimbo muisunge pa Mute musanayambe, ndipo Auto Duck izikhala ntchito yomaliza mawu mutadula kale. Koma za dzanjazo zimatengera kuchuluka kwa ntchito, munthu wotulutsa uthenga sabata iliyonse atopa nazo.

Mnyamata wa mavidiyo a maukwati: Akulu sinditsutsa koma yopangidwa ndi dzanja imamveka mwaumunthu, ine makina ndimawazindikira ndikangomva.

Wa wayilesi ya m'dera: Kwa ine zinali zosiyana, nditapanga Normalize nyimbo inatsika koyambirira ndipo sinakwerenso mpaka kumapeto ngakhale malo omwe ndinasiya dala masekondi 5 kuti ilire. Kunapezeka kuti phokoso la fani ya m'chipinda linakwera limodzi ndi mawu mpaka kudutsa Threshold ndiye makina ankaona ngati ndikuyankhulabe. Achimwene yang'anani malo omwe muli chete mita ikuti bwanji, ikamasewera pafupi ndi -30 chitani Noise Reduction kaye kapena sankhani malo achetewo mudine Ctrl+L akhale zii.

Mwini funso: Zikomo nonse, ndatsatira zonsezo ndipo kulumpha kwatha, liwu loyamba likumveka. Koma ndazitumizira pa foni yanga ndaika patebulo ndaima chapatali, gitala ija ikumalimbanabe ndi mawu makamaka ndikamatchula manambala a makilo.

Mkulu wa situdiyo: Mwachita bwino kuyesera pa foni, alimi anu samvera pa mahedifoni. Sipika ya foni ilibe besi, ndiye chomwe chimatsala pa nyimbo ndi pakati pomwe pali gitala ndi kiyibodi, ndipo ndi pomwenso pamakhala timalembo tosiyanitsa mawu monga s, t ndi k, cha pakati pa 2000 ndi 4000 Hz. Tsegulani Filter Curve EQ pa nyimbo yokha mukumbe kadzenje ka 4 dB kuyambira 1000 mpaka 4000 Hz, musapitirire kwambiri nyimbo ingamveke ngati ili m'mgolo. Zikakanikabe vuto ndi nyimboyo, gitala yomwe ikuimba yokha ngati munthu imakoka khutu ngakhale muitsitse bwanji, pezani ina ya zida zofatsa zongogwira pansi.

Wa wayilesi ya m'dera: Ine pa manambala ndi mayina a mankhwala nyimbo ndimaidula kotheratu, ibwerenso ndikamaliza ndimeyo.

Wa ma jingo ku Area 25: Kudula kotheratu anthu amaona ngati foni yafa, ine ndimasiya kakang'ono.

Mwini funso: Ndipanga ziwiri, ina yodula ina ya kadzenje ka EQ, nditumize kwa mayi aja andiuze yomwe amva bwino. Akulu a situdiyo, EQ imeneyo ndiike ndisanapange Auto Duck kapena pambuyo pake?