Thandizeni, tebulo langa likumangobalalika ndikalilemba pafoni

Wofunsa: Moni nonse apagulu, ndithandizeniko. Ndimasunga kaundula wa katundu wa muofesi mwathu ndiye abwana anati ndizilemba pafoni ngati mawu wamba kenako mnzanga azikatsegula mu Excel. Poyamba ndimasiyanitsa makolamu ndi masipesi, kwa ine zimaoneka bwinobwino koma zikafika kwa iye zonse zakhotakhota. Ndiye wina anandiuza kuti ndiziika makoma, ndalemba chonchi:

```
chinthu,nambala,kuchuluka,malo
makope,0045,1,250,kabati
zolembera,0046,300,shelefu, pansi
choko,0047,kabati
```

Makolamu ndi 4 koma mnzanga akuti mzere wa makope watuluka ndi 5, ndipo choko chikuonetsa kuti kuchuluka kwake ndi "kabati" kkkk. Ndikulakwitsa pati?

Woyamba kuyankha: Achimwene bwanji osangojambula sikirini nkumutumizira chithunzi? Ine ndimatero basi ndipo sizinandivutepo.

Wofunsa: Chithunzi ayi bwana, iyeyo akufuna aziwonkhetsa manambalawo, ndiye angayambenso kukopera pamanja.

Wachiwiri: Vuto ndi makomawo, sayenda ndi manambala. Bwererani ku masipesi koma muziwerenga kuti akhale ofanana mzere uliwonse, mwina asanu asanu.

Wachitatu: Masipesi asanu asanu sangathandize achemwali, chifukwa mawuwo kutalika kwake nkosiyana, "choko" zilembo 5 pomwe "zolembera" 9. Komanso pa foni zilembo sizitenga malo ofanana, i ndi wowonda m ndi wonenepa, ndiye ngakhale muwerenge bwanji zikhotabe pokhapokha mutagwiritsa ntchito fonti yoti chilembo chilichonse nchofanana m'lifupi ngati Courier New. Pa WhatsApp mumaika chizindikiro ichi ` katatu koyambirira ndi katatu kumapeto, zilembo zimafanana. Koma izo nzoti munthu aziona ndi maso, ndipo mzere ukatalika kuposa sikirini umapindikira pansi nkusokonekeranso.

Poti zanuzi zikupita mu Excel khalani pa makoma pomwepo. Kompyuta siidziwa kuti 1,250 ndi nambala imodzi, ikangoona koma iyo imati kolamu yatha, ndiye yaika 1 payekha 250 payekha. Lembani 1250 basi. Pa "shelefu, pansi" koma ameneyo ngati mukumufunadi tsekerani mawu onsewo m'zizindikiro izi " ". Za choko nkhani ndi ina, munalibe kuchuluka kwake ndiye munangodumpha, kabati nkusunthira kumanzere kukakhala pamalo a eni. Malo opanda kanthu amafunikabe koma wake, makoma awiri ogundizana. Onani:

```
chinthu,nambala,kuchuluka,malo
makope,0045,1250,kabati
zolembera,0046,300,"shelefu, pansi"
choko,0047,,kabati
```

Musanatumize werengani, makolamu 4 ndiye kuti makoma 3 mzere uliwonse, osawerengera amene ali mkati mwa " " aja. Mzere umene uli ndi 4 kapena 2 ndi womwewo wolakwika, simufunikanso kudikira mnzanuyo kuti akuuzeni.

Wofunsa: Eee zikomo kwambiri achimwene, za chokozo sindikanazitulukira ndekha. Ndakonza ndatumiza, makope ndi choko zakhala bwino koma zolembera zija zagawikabe pawiri ndipo tizizindikiroto tikuoneka m'bokosimo.

Wachitatu: Taonani ngati foni sinakuikireni sipesi pambuyo pa koma, makiyibodi ambiri amaika okha. Chizindikirocho chikuyenera kugundana ndi koma, pakakhala sipesi pakati Excel amachitenga ngati chilembo wamba. Chinanso mafoni ena amasintha " wowongoka uja kukhala wopindika, ameneyo sagwira ntchito. Ngati zikuvuta ingolembani "shelefu pansi" opanda koma, palibe angakumangeni.

Wachinayi: Pepani ndilowererepo ndi langa. Ine ndinalemba ndendende ngati mmene mwaonetseramu, ndinasunga fayilo ngati .csv, koma nditatsegula pa laputopu ya mlamu wanga zonse zinaunjikana mu kolamu A. Ndinataya tsiku lonse ndikuganiza kuti ndine ndalakwitsa.

Wachitatu: Mwina simunalakwitse mayi. Makompyuta ena anawatchera mmene amalembera manambala kumayiko amene theka amalemba 0,5 osati 0.5, ndiye Excel wa pamenepo amayembekezera chizindikiro ichi ; pakati pa makolamu, osati koma. Sankhani kolamu A yonseyo, pitani pa Data kenako Text to Columns, musankhe Delimited nkuchonga Comma, zigawika.

Wofunsa: Inalidi sipesi, ndachotsa zatheka! Koma tsopano mnzanga akuti manambala a katundu aja asintha, 0045 wasanduka 45.

Wachiwiri: Ameneyonso mutsekereni m'zizindikiro zomwezo, "0045".

Wachitatu: Sizigwira achemwali, mukangodina fayiloyo kawiri Excel amachotsabe maziro ngakhale mutsekere. Mnzanuyo alowetse fayiloyo kudzera pa Data, From Text/CSV, ndipo kolamu imeneyo aiuze kuti ndi Text. Kapena manambalawo aziyamba ndi chilembo, K0045, palibe chingadyedwe.

Wofunsa: Kusintha manambala abwana sangalole, analembedwa kale pa katunduyo ndi penti. Ndiyesa kumufotokozera mnzangayo za Data zo mawa, ngakhale amadandaula kuti zimutalikira.