Kalata ya amfumu yotsimikizira mbiri ya puloti ndisanalipire

Abale anga, ndili ku Joni kuno ndipo ndikufuna kugula puloti ku Dedza, malo a makolo. Ogulitsawo akuti bambo awo anapatsidwa malowo ndi amfumu, koma chomwe anditumizira pa WhatsApp ndi zithunzi za malire basi. Ndalama akuti nditumize mwezi uno.

Ine ndikufuna kalata ya chidindo yonena amene anayamba kupatsidwa malowo, chaka chake, komanso ngati panakhalapo mlandu. Kodi ya anyakwawa ndi yokwanira, kapena agulupu ndi a T/A asayinenso? Nanga poti lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti oyang'anira malo, kalatayo izichokera kukomitiko?

Achimwene anga angandiyimire, koma amfumu angawalembere ine kulibe? Achibale a ogulitsawo asayinenso ngati mboni? Ndimaopa eni mbumba kudzatulukira nditamanga kale.